Kanjira ka shuga komwe kamasunga magazi

Pa nthawi ya nkhondo ya ku Korea, kumayambiriro a zaka za m'ma 1950, asilikali a dziko la America ankapatsidwa mankhwala atsopano a malungo otchedwa pulimakwini. Ambiri ankamwa popanda vuto. Koma pakati pa asilikali akuda, pafupifupi mmodzi mwa khumi aliwonse ankayamba kukodza mkodzo wakuda patangopita masiku awiri kapena atatu, maso nkuchita chikasu, magazi nkuchepa. Madokotala a ku Chicago anafufuza nkhaniyi poyesa mankhwalawo pa akaidi a ndende ya Stateville, ndipo mu 1956 Paul Carson ndi anzake anapeza gwero lake. Maselo ofiira a magazi a anthu amenewa anali ndi enzaimu imodzi yochepa mphamvu, yomwe madokotala amailemba kuti G6PD. Enzaimu ndi puloteni yomwe imafulumizitsa ntchito inayake m'selo, ndipo iyi ndi yomwe imatsegula kanjira kena komwe shuga amadutsa, kotchedwa njira ya pentosi fosifeti.

Nsima ikagayidwa m'mimba imasanduka shuga wotchedwa gulukosi, yemwe molekyulu yake ili ndi makaboni 6. Akangolowa m'selo, gulukosi amamatidwa fosifeti kuti asatulukenso. Pamenepa pali mphambano. Wambiri amapita kukaphwanyidwa kuti selo lipeze mphamvu, ndipo iyi ndi njira yomwe ana amaphunzira kusekondale. Wina pang'ono amapatuka. G6PD imamugwira nkumuchotsa maelekitironi awiri, kenako patsogolo pang'ono enzaimu ina imachotsanso awiri ndi kudula kaboni imodzi, yomwe imatuluka ngati mpweya woipa uja timapumira kunja. Chotsala ndi shuga wa makaboni 5. Choncho gulukosi mmodzi akadutsa njirayi, selo limapeza zinthu ziwiri: mamolekyulu awiri a NADPH, omwe anyamula maelekitironi aja, ndi shuga wa makaboni 5 yemwe amasinthidwa mosavuta kukhala raibosi. Mphamvu yoyendetsera thupi njirayi sipereka ngakhale pang'ono. Ntchito yake ndi ina.

Tiyambe ndi selo lomwe likugawikana, monga la m'mafuta a m'mafupa, la khungu la m'matumbo kapena la mwana amene akukula m'mimba. Lisanagawikane liyenera kukopera DNA yake yonse, ndipo msana wa DNA ndi RNA ndi shuga wa makaboni 5 ameneyu wolumikizana ndi fosifeti. Popanda raibosi palibe chokopera. NADPH ikufunikanso pomwepo, chifukwa raibosi amayenera kuchotsedwa okosijeni mmodzi kuti alowe mu DNA, ndipo maelekitironi ogwirira ntchitoyo amachokera ku NADPH. Selo latsopano likufunanso chikuto chake, chomwe chimamangidwa ndi mafuta, ndipo kupanga molekyulu imodzi yokha ya mafuta a makaboni 16 kumadya NADPH 14. Ndi chifukwa chake njirayi imakhala yotanganidwa m'chiwindi, m'mabere a mayi woyamwitsa komanso, mwatsoka, m'zotupa za khansa zambiri.

Njirayi ili ndi gawo lachiwiri, lomwe limayenda mbali zonse ziwiri. Mmenemo maenzaimu awiri, tiransiketolezi ndi tiransalidolezi, amasuntha zidutswa za makaboni kuchoka pa shuga wina kupita pa wina. Yoyambayo sigwira ntchito popanda vitamini B1. Selo likafuna raibosi wambiri kuposa NADPH, limatenga shuga wa m'njira yaikulu ija nkumusoka kukhala raibosi, osadutsa nkomwe pa G6PD. Likafuna NADPH yokha, limatenga mashuga atatu a makaboni 5 nkuwabweza m'njira yaikulu ngati awiri a makaboni 6 ndi mmodzi wa makaboni 3. Werengerani: makaboni 15 mbali zonse, palibe yatayika.

Selo lofiira la magazi ndi lomwe limatsata njira yachiwiriyi, chifukwa raibosi wokopera DNA lilibe naye ntchito. Likamakhwima m'mafupa limataya phata lake losunga DNA pamodzi ndi mamitokondiriya, kuti malo onse atengedwe ndi hemogulobini, puloteni yonyamula okosijeni. Zotsatira zake nzazikulu. Silingapangenso puloteni yatsopano, ndiye maenzaimu omwe latuluka nawo ndiwo kamba wa ulendo wonse wa masiku pafupifupi 120. Komanso maselo ena ali ndi njira zina zopangira NADPH, zina mwa izo m'mamitokondiriya, pomwe selo lofiira limadalira njira ya pentosi fosifeti yokha basi.

Nanga NADPH likuifuniranji, poti silimanga kanthu? Katundu amene lanyamula ndi woopsa. Tsiku lililonse okosijeni wina amalanda elekitironi ku ayironi wa mu hemogulobini nkusanduka tinthu towononga, monga haidirojeni perokisaidi, yemwe uja amachita thovu akamatsukira bala. Chomwe chimazimitsa tinthuti ndi kamolekyulu kotchedwa gulutatayoni. Kakagwira ntchito kamafooka, timamolekyulu tiwiri nkumatirirana, ndipo NADPH ndi yomwe imatilekanitsa kuti tigwirenso ntchito. Pa tsiku wamba selo lofiira limapatutsira m'njirayi gulukosi wosapitirira gawo limodzi mwa magawo khumi. Chiopsezo chikakula, NADPH imagwiritsidwa ntchito msanga, ndipo kuchepa kwake komweko kumamasula G6PD kuti ithamange kangapo kuposa kale. Munthu wa enzaimu yabwino samva nkomwe kuti china chake chachitika.

Tsopano titenge mwamuna amene ali ndi mtundu wa vutoli wofala kuno ku Africa, womwe umalembedwa kuti G6PD A-. Enzaimu yake imagwira ntchito bwino ikadali yatsopano, koma siikhalitsa. Ya munthu wina aliyense imatsika kufika pa theka pakatha masiku pafupifupi 60. Yake imafika pa theka pasanathe milungu iwiri. Maselo ake aang'ono ndi otetezeka, okalamba ali pambalambanda. Pa moyo wa tsiku ndi tsiku sadziwa kanthu: amalima, amasewera mpira, ndipo anakula bwinobwino chifukwa maselo ake ogawikana amapanga enzaimu yatsopano nthawi zonse, komanso raibosi amatha kumupeza kudzera ku gawo lachiwiri lija.

Ndiye ayambe kumwa pulimakwini wa mamiligalamu 30 tsiku lililonse, monga ankachitira ofufuza a ku Chicago. Tsiku loyamba palibe chooneka. M'kati, mankhwalawo akuchulukitsa perokisaidi, gulutatayoni wa m'maselo okalamba akutha, ndipo hemogulobini ikuwonongeka nkuundana timibulu tomatirira ku chikuto cha selo, tomwe a mulabotale amatitcha timibulu ta Heinz. Maselo ena amaphulikira m'mitsempha momwemo, hemogulobini yake nkutuluka ndi mkodzo, ndipo pofika tsiku lachiwiri kapena lachitatu mkodzo wada. Ena amagwidwa ndi kapamba, yemwe amazula timibulu tija nkusiya selo lobenthuka mbali imodzi. Munthuyo amafooka, mtima umagunda msanga, msana umatha kupweteka, m'maso muli chikasu. Magazi amatsikabe mpaka cha kumapeto kwa mlungu woyamba kapena kupitirira pang'ono.

Kenako pamachitika chomwe chinadabwitsa ofufuza aja. Ngakhale munthuyo apitirize kumwa mlingo womwewo, mkodzo umayera ndipo magazi amayamba kukwera. Maselo okalamba atha, m'mafupa mwatuluka atsopano ambirimbiri, ndipo atsopanowa enzaimu yawo ikadali yamphamvu. Izi zisanyenge munthu. Kudziletsa kotereku kumachitika ndi mtundu wa A- pa mlingo wochepa. Mlingo ukakwera, maselo aang'ono nawonso amagwa. Mtundu wa ku Mediterranean ndi ina ya ku Asia ndi yoopsa kwambiri chifukwa ngakhale selo latsopano lilibe enzaimu yokwanira. Ndipo mwana amene magazi ake achepa kale ndi malungo alibe poyambira kupirira mlungu umenewo. Phunziroli tinaliphunziranso m'zaka zaposachedwa: mankhwala a malungo otchedwa Lapdap, omwe munali dapusoni ndipo anapangidwira Africa, anachotsedwa pamsika mu 2008 zitaoneka kuti akuchepetsa magazi moopsa mwa odwala osowa G6PD.

Msampha wina uli pa kuyeza. Mukayeza G6PD munthu ali pakati pa vutoli, zotsatira zikhoza kutuluka zabwinobwino, chifukwa maselo opanda enzaimu afa kale ndipo otsala ndi aang'ono aja. Chimodzimodzi ngati wangoikidwa magazi a munthu wina. Dokotala wodziwa amayezanso pakatha miyezi itatu. M'maola oyamba zomwe zimathandiza ndi mbiri ya zomwe wodwala wamwa, mtundu wa mkodzo, ndi kuona magazi pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono.

Jini ya G6PD ili pa kolomozomu X. Mwamuna ali ndi X mmodzi, wochokera kwa mayi ake, choncho akalandira wolakwika maselo ake onse ali ndi vutoli. Mkazi ali ndi awiri, ndipo selo lililonse limagwiritsa ntchito mmodzi, moti mkazi wonyamula jiniyi amakhala ndi maselo osakanikirana, ena abwino ena ofooka. Si zoona kuti akazi sakhudzidwa. Wina akhoza kukhala ndi ofooka ochuluka, ndipo tizipangizo toyezera mwachangu timaphonya akazi otere kawirikawiri. Padziko lonse anthu pafupifupi 400 miliyoni ali ndi vutoli, ndipo mapu ake amafanana kwambiri ndi mapu a malungo. Kafukufuku akusonyeza kuti jiniyi imateteza pang'ono ku malungo aakulu, nchifukwa chake inafala m'madera ngati athu ano m'malo mozimiririka.

Si mankhwala okha amene amayambitsa vutoli. Matenda monga chibayo ndi taifodi ndiwo amaliyambitsa kawirikawiri. Timibulu toyera ta nafitalini tothamangitsira njenjete m'masutikesi ndi toopsa, makamaka kwa khanda lovekedwa zovala zosungidwa mmenemo. Pali nyemba zazikulu za mtundu wa fava, zomwe zimadyedwa kwambiri ku Egypt ndi ku Ethiopia, zomwe zimaswa magazi a anthu otere. Nyemba zathu wamba, nandolo ndi khobwe zilibe mlandu, ndipo palibe chifukwa chozisalira. Kwa ine choopsa kuposa zonsezi ndi chikasu cha khanda m'mlungu woyamba, chifukwa chikakwera kwambiri chimaononga ubongo mpaka kalekale, pomwe kuchipatala amachichiza pomugoneka mwana pansi pa magetsi apadera.

Zonsezi si chifukwa choopera mankhwala a malungo. LA yemwe timalandira m'zipatala zathu sali m'gulu loswa magazi motere, ndipo malungo osachizidwa amapha msanga kuposa kusowa kwa G6PD. Pulimakwini yemweyo, mu 2012 bungwe la WHO linavomereza kuti mlingo umodzi wochepa, wa mamiligalamu 0.25 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, uperekedwe ngakhale osayeza, pofuna kuti wodwala asapatsire udzudzu tizilombo. Mlingo wa masiku 14 wochotsa malungo obisala m'chiwindi ndi umene umafuna kuyeza kaye.

Mukaona mkodzo wada kapena maso achita chikasu patangopita masiku ochepa muyambireni mankhwala atsopano, musamwe mlingo wotsatira musanaonane ndi achipatala tsiku lomwelo, ndipo mutenge paketi ya mankhwalawo. Akakuuzani kuti muli ndi vuto la G6PD, apempheni alembe m'buku lanu la kuchipatala, ndipo muuze abale a kuchimayi, makamaka abale anu aamuna ndi ana aamuna a alongo anu.