"Atisiya" m'Chingerezi anakhala "athawa"

Tsiku lina Lachisanu, ana ataweruka, ndinapeza mtsikana wina atakhala pa khonde la nyumba yanga kuno kwa Simlemba, njinga itatsamira mtengo wa mango. Ndinamuphunzitsa Chingerezi kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, ndipo pa mayeso a MSCE phunziroli analikhoza bwino ndithu. Titapatsana moni, anandipatsira foni yake ndi manja awiri.

"Aphunzitsi, tandiwerengereni izi. Kodi ndinawalakwira chiyani anthu amenewa?"

Nkhani yake inali yotere. Anapeza malo kukoleji ina, koma bambo ake aang'ono, amene anamulera ndi kumulipirira fizi kuchokera mu ndalama za fodya, anamwalira mwezi wa Febuluwale. Anamva za bungwe lina la kunja kwa dziko lino limene limapereka basale kwa atsikana amene owalera anamwalira, ndiye analemba imelo. Iyeyo wandilola kuti ndiike pano mawu ake, poti mwina angathandize ena:

"Dear Madam, I am complaining very much. My small father who was paying my fees has left us. Also the tobacco did not move well this year. Please borrow me the fees."

Ine ndi inu, amene tinayamwa Chichewa, tikumva zonse popanda vuto, chifukwa m'mutu mwathu mawuwa akubwerera okha kumene anachokera: ndikudandaula kwambiri, bambo anga aang'ono atisiya, fodya sanayende bwino, ndibwerekeni fizi. Koma mayi amene anawerenga imeloyi Chichewa sachidziwa. Anayankha mwaulemu kuti ndi zachisoni kuti bamboyo anathawa banja, koma thumba lawo ndi la okhawo amene owalera anamwalira, ndipo ngongole sapereka. Anawonjezera kuti ngati pali chimene bungwelo linalakwitsa, mtsikanayu afotokoze dandaulo lakelo momveka.

Galamala ya mu imeloyi si yoipa kwenikweni, ndipo palibe liwu limene linalembedwa molakwika. Vuto ndi loti liwu lililonse la Chichewa linasinthidwa ndi mnzake wa Chingerezi limodzilimodzi, ngati mmene timasinthira ndalama. Chonsecho mawu a zilankhulo ziwiri salingana malire.

Taonani liwu loti kudandaula. Kwa ife liwuli ndi dengu lalikulu: muli nkhawa, muli chisoni, mulinso kukasuma kuti wina watilakwira. Mayi amene mwana wake wachedwa kubwera kuchigayo amadandaula, ndipo mlimi amene fodya wake wabwezedwa ku okushoni ya Chinkhoma amadandaulanso. Chingerezi chimagawa denguli patatu. Nkhawa ndi "worried", chisoni ndi "sad", ndipo "complain" ndi pokhapo pamene pali munthu amene ukumuloza chala. Mtsikanayu anali ndi nkhawa, koma mzere wake woyamba unamveka ngati akuwazenga mlandu anthu amene akufuna kuwapempha thandizo. Ndinamufunsa kuti, "Kodi alipo amene wakulakwira?" Atati palibe, ndinamuuza kuti ndiye "complain" achoke.

Povuta kwambiri panali pa imfa. Ife imfa sitiitchula mwachindunji. Timati atisiya, atsikira kuli chete, kapena zalephereka. Umenewu ndi ulemu wathu, ndipo mwana wolongosoka sangayambe ndi "afa" pokamba za munthu amene anamulera. Koma mu Chingerezi cha masiku onse, bambo amene "has left us" ndi amene wanyamula chikwama n'kusiya banja. Achingerezi nawo ali ndi mawu awo ozungulira, ndipo oyandikana kwambiri ndi athu ndi "passed away". Ngakhale zili choncho, pa kalata yopita ku ofesi, pamene thandizo likudalira kuti munthuyo anamwaliradi, ine ndimalangiza liwu losabisa loti "died" ndi mwezi wake. Kwa iwo liwuli silimveka mwano.

Nanga "small father"? Munthu wakunja akawerenga amaona bambo wamfupi. Liwu lapafupi ndi "uncle", koma limeneli limataya kanthu. Kwa ife bambo aang'ono ndi bambo ndithu, ndipo ndi osiyana ndi amalume, pamene Chingerezi chimawaika onse m'thumba limodzi. Komanso "uncle" payekha sakuuza wowerenga kuti munthuyu ndiye anali mzati wa pakhomo. Apa phunziro ndi loti nthawi zina liwu limodzi lolingana kulibe, ndipo mmalo molikakamiza ndi bwino kuwonjezera mawu angapo ofotokoza. Tinalemba kuti "my uncle, my father's younger brother, who raised me". Ndi mawu ambiri, koma sasiya funso.

Za kubwereka ndi vuto limene mphunzitsi aliyense wa Chingerezi amalimbana nalo chaka ndi chaka. Ife timati "ndabwereka khasu kwa aneba", timatinso "aneba andibwereka khasu". Liwu ndi lomwelo, kaya ukulandira kaya ukupereka, ndiye mwana amati "borrow me". Chimene chandithandiza m'kalasi ndi kusiya kubwereka n'kutenga mawu ena awiri a Chichewa chomwecho: kukongola ndi kukongoza. Wokongola ndalama ndiye "borrow", wokongoza ndiye "lend". Ana akamva zimenezi sasokonezanso. Koma pa nkhani ya mtsikanayu, ngakhale "lend me" ikanakhala yolakwika, chifukwa iye sankafuna ngongole. Anati ndibwerekeni chifukwa kwathu kuno kunena kuti "ndipatseni" kwa munthu wamkulu kumalemera pakamwa. Ulemu wa Chichewa unasanduka pempho la ngongole, ndipo bungwelo linakana chinthu chimene iye sanapemphe.

Titafika apa ndinkaganiza kuti tamaliza, koma mtsikanayu anandionetsa imelo ina. Patapita masiku, mayi uja, mwina pokayika kuti pali china chimene sanamve, analemba kuti watumiza fomu yoti alembepo mbiri yake yonse. Fomuyo sinafike. Ataona kuti kuli zii, mayiyo anafunsa kuti: "You haven't received the form?" Mtsikanayu anayankha kuti: "Yes Madam."

Pa Chichewa yankho limeneli ndi loona. Munthu akakufunsa kuti "Sunalandire?" umati "Inde", kutanthauza kuti inde, mwanena zoona, sindinalandire. Inde wathu amavomereza mawu a wofunsa. "Yes" wa Chingerezi amavomereza chochitikacho, choncho mayiyo anamva kuti fomu inafika, ndipo anakhala phee kudikira kuti ibwezedwe. Mtsikanayu nayenso anakhala phee kudikira kuti itumizidwenso. Masabata awiri anatha chomwecho, aliyense akudabwa ndi mnzake, ndipo tsiku lotsekera linali Lachisanu lotsatiralo.

Mankhwala a vutoli ndi apafupi: funso likakhala ndi "not" kapena "haven't" mkati, osayankha ndi liwu limodzi. Lembani chiganizo chonse, "No, I have not received it." Ngakhale mutasokoneza "yes" ndi "no" koyambirira, mbali yachiwiriyo idzakupulumutsani.

Dzuwa likupendeka tinakhala pansi n'kulembanso. Sindinamulembere ayi. Ndinamuuza kuti aike foni pansi, andiuze pakamwa m'Chichewa, mopanda kuzungulira, zinthu zimene akufuna kuti mayiyo adziwe, ngati akuuza mwana wa Sitandade 5. Anatchula zinayi: wondilera anamwalira, fodya anagulidwa motchipa ndiye ndalama palibe, ndikupempha basale, fomu sindinalandire. Taonani kuti mu Chichewa chosazungulirachi mulibenso kudandaula, kusiya, kuyenda kapena kubwereka. Mawu onse amene anamuika m'mavuto anagwa okha tisanafike n'komwe pa Chingerezi. Kenaka anamasulira mfundo iliyonse payokha, ndipo inatuluka motere:

"Dear Madam, thank you for your reply, and I am sorry my first message was not clear. My uncle, my father's younger brother, who raised me and paid my school fees, died in February. Our tobacco sold at low prices this year, so my family cannot pay. I would like to apply for the bursary, not a loan. I have not received the form. Could you please send it again?"

Tinakwera pa chulu cha kuseri kwa bwalo la mpira, pamene netiweki imagwira bwino, n'kuitumiza. Lolemba m'mawa fomu inafika, pamodzi ndi mawu opepesa maliro ndi pempho loti atumize kalata yotsimikiza za imfayo. Anabweza zonse Lachitatu, kutatsala masiku awiri. Pamene ndikulemba pano akudikirabe yankho, koma tsopano pempho lake lili pa mulu woyenera.

Nkhaniyi inandichititsa manyazi pang'ono ngati mphunzitsi wake. Kuti mwana apeze satifiketi ya MSCE ayenera kukhoza Chingerezi, ndiye timathera nthawi yambiri pa zimene amayeso a MANEB amafunsa. Makalata amene ana amalemba m'kalasi amawerengedwa ndi ife aphunzitsi, amene tikaona "my small father" timamva msanga, kudula mzere wofiira n'kupitirira. Mwana amatuluka sukulu asanakumanepo ndi wowerenga amene sangathe kubwezera mawu ake m'Chichewa. Ndipo foni siimuchenjeza, chifukwa imadula mzere pansi pa liwu lolembedwa molakwika, osati pansi pa tanthauzo lopotoka.

Nanga munthu angadziwe bwanji yekha kuti chiganizo chake ndi Chichewa chovala jekete? Chizindikiro chimene ndimawauza ana ndi ichi: mukatha kubwezera chiganizo chanu m'Chichewa liwu ndi liwu, n'kutuluka chokoma ngati mmene agogo amalankhulira, chikayikireni. "The tobacco did not move well" imabwerera bwinobwino kukhala "fodya sanayende bwino", ndipo chimenecho ndicho chikuiulula. Samalani makamaka ndi aneni amene ife timawatuma ntchito zambiri, monga kuyenda, kudya, kugwira ndi kumva. Ife ndalama timadya, ntchito timagwira, ululu ndi fungo timamva. Mukatsegula dikishonale, monga ija ya Steven Paas ya Chichewa ndi Chingerezi, musaime pa tanthauzo loyamba. Werengani onse, musankhe logwirizana ndi nkhani yanu.

Sindikunena kuti Chingerezi chathu cha ku Malawi ndi chonyozeka. Mnzanga wa ku Kasungu akandiuza kuti "I am coming" uku akutuluka pakhomo, ndimadziwa kuti abweranso, ndipo palibe chotayika. Pakati pa ife tokha chimagwira ntchito yake. Koma imelo imapita kwa munthu amene sakuona nkhope yanu ndipo sangakufunseni pomwepo kuti mukutanthauza chiyani. Iye ali ndi mawu okhawo amene mwalemba.

Teremu ino ana anga a Fomu 4 ndawapatsa ntchito yatsopano Lachisanu lililonse. Wina amalemba imelo, mnzake amaiwerenga ngati munthu amene sanapondepo dziko lino, n'kunena mokweza zimene wamva. Sabata yatha mnyamata wina analemba kuti "my mother is hearing her head". Mnzake anaimirira n'kufunsa kuti mutuwo ukuwauza chiyani amayiwo. Kalasi yonse inafa ndi phwete, ndipo mwini wakeyo, asanauzidwe ndi munthu, anafufuta n'kulemba "has a headache".