Kompyuta yakale ya magemu: osayamba ndi chipangizo chodula

Mwini malo osewerera magemu amadziwa kuti makina akamachedwa, anyamata amasamukira pa shopu ina. Ambiri zikatero amathamangira kugula khadi ya zithunzi yamphamvu, kenako kompyuta n'kuyamba kuzima yokha gemu ili mkati. Vuto silikhala khadiyo, koma dongosolo la kagulidwe.

Chitsanzo ndi makina omwe apezeka kwambiri pakati pa makompyuta ogwiritsidwa kale ntchito: pulosesa ya Core i5-4460 ya mu 2014, bolodi ya H81, memole ya 4GB, hadi disiki yozungulira, ndi khadi ya GTX 750 Ti. Mwini wake akufuna kuikamo GTX 1060.

Asanatulutse ndalama, ayenera kupeza pamene makinawo akutsamwa. Gemu ili mkati, akanikize Ctrl+Shift+Esc kuti atsegule Task Manager, n'kupita pa Performance. Ngati Memory yatsala pang'ono kudzaza ndipo Disk yaima pa 100%, ndiye kuti memole yachepa ndipo kompyuta ikubwereka malo pa hadi disiki, yomwe ndi yochedwa. Khadi yatsopano siingachize matenda amenewa.

Choncho choyamba kugula ndi memole. Bolodi ya H81 imalandira DDR3 yokha, ili ndi mipata iwiri, ndipo malire ake ndi 16GB. DDR4 siingalowe chifukwa kampata ka pa mano ake kali pamalo ena, ndipo woikakamiza amathyola bolodi. Ndi bwino kugula timitengo tiwiri tofanana ta 8GB, chifukwa tiwiri timagawana ntchito ndipo makina amafulumirako. Wogula aonetsetsenso kuti sanam'patse memole ya laputopu, yomwe ndi yaifupi, kapena ya makina akuluakulu a maseva, yomwe bolodi imeneyi imakana. Akaika n'kupeza kuti mafani akuzungulira koma sikirini ili bii, nthawi zambiri memoleyo sinakhale bwino. Azimitse, azule pulagi, aikanikizenso mpaka timapini ta m'mbali titseke.

Chachiwiri ndi disiki ya SSD ya mtundu wa SATA, yomwe imalowa pa chingwe chomwecho cha hadi disiki yakale. SSD siiwonjezera kusalala kwa zithunzi, koma imadula nthawi yodikira kuti kompyuta iyake ndiponso kuti gemu itseguke. Kwa munthu wolipiritsa pa ola, nthawi imeneyi ndi ndalama.

Chachitatu, chomwe ambiri amalumpha, ndi pawa sapulayi, kabokosi kogawa magetsi. GTX 750 Ti imadya mawatsi 60 ndipo zambiri mwa izo zimakhuta ndi magetsi a pa bolodi. GTX 1060 imadya mawatsi 120, imafuna chingwe chakechake cha mabowo 6, ndipo kampani ya Nvidia imalangiza pawa sapulayi ya mawatsi 400.

Apa wamalonda asakhulupirire nambala yaikulu yolembedwa pa katoni. Pulosesa ndi khadi zimakoka magetsi pa mzere wa +12V, choncho awerenge chipepala chomatidwa m'mbali mwa kabokosiko. Ngati pansi pa +12V palembedwa 18A, achulukitse 18 ndi 12, apeza mawatsi 216 okha, ngakhale pamwamba patalembedwa 500W. Pulosesa ija imafuna mawatsi 84, khadi 120, ndipo bolodi, madisiki ndi mafani zimatenga ena pafupifupi 50. Zonse pamodzi zikupitirira 250, kutanthauza kuti kabokosi aka kaperewera. Chizindikiro chake n'chakuti makina amayenda bwino polemba makalata, koma gemu ikafika povuta amazima kapena kuyambiranso okha. Kabokosi kokhala ndi 34A pa mzerewu kamapereka mawatsi 408, ndipo kamagwira ntchito kosabanika.

Pali misampha iwiri. Makompyuta ambiri a m'maofesi a Dell ndi HP ali ndi mapulagi a magetsi akeake, moti pawa sapulayi wamba siilowa. Pa makina otere, njira yosavuta ndi khadi ngati GTX 1650 ya mtundu wosafuna chingwe chapadera. Komanso timabokosi tina takale tili ndi kaswitchi kofiira kolembedwa 115 ndi 230. Magetsi a ku Malawi ndi a mavoti 230, ndipo kaswitchiko kakakhala pa 115, kabokosi kamapsa nthawi yomweyo. Kakawonongeka, asakatsegule, chifukwa kamasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa.

Khadi ya zithunzi ibwere pomaliza. Ngati ndi yogwiritsidwa kale ntchito, wogulitsa aiyese pa gemu kwa theka la ola wogula akuona. Timadontho pa sikirini, kapena fani yolira ngati chigayo, ndi chifukwa chokwanira choisiyira.

Pulosesa ndiye polekezera. Kugula ya m'badwo watsopano kumafuna bolodi ina ndi memole ina, ndipo apo sikulinso kukonza koma kugula makina ena. Koma SSD, pawa sapulayi yabwino ndi khadi zimasamukira m'makina atsopanowo, choncho ndalama zake sizilowa m'madzi.