Auto kapena M: woyamba kujambula ayambire pati?

Mukagula kamera yamakono yopanda kagalasi m'kati, mumapeza kagudumu pamwamba pake kolembedwa Auto, P, A, S ndi M. Pa makamera a Canon, A amalembedwa Av ndipo S amalembedwa Tv. Ambiri amauzidwa kuti wojambula weniweni amagwiritsa ntchito M basi. Malangizo amenewa amaphonyetsa oyamba zithunzi za zochitika zimene sizibwerezedwa.

Kuwala kwa chithunzi kumachokera pa zinthu zitatu. Choyamba ndi liwiro la shata, kutanthauza nthawi imene kamera imalola kuwala kulowa. Pa 1/60 munthu woyenda amatuluka wosamveka bwino, pomwe 1/250 imamuimitsa. Chachiwiri ndi bowo la lenzi. Nambala ikachepa, bowo limakula: f/4 imalowetsa kuwala kowirikiza kawiri kuposa f/5.6, komanso imafewetsa zakumbuyo kwa munthu. Chachitatu ndi ISO, imene imawalitsa chithunzi mumdima, koma ikakwera kwambiri imabweretsa timadontho ngati mchenga. Zitatuzi zili ngati mafuwa: mukasuntha limodzi, mphika umapendekeka mpaka mutakonza ena aja.

Tiyerekeze kuti mukujambula ukwati m'tchalitchi. Muli ndi lenzi yobwera ndi kamera ya 18-55mm, imene mukaikokera pa 55mm bowo lake limathera pa f/5.6. Mwaika pa Auto, ndipo kamera yasankha 1/60, f/5.6 ndi ISO 800. Chithunzi chawala bwino, koma operekeza akwati akulowa akuvina, ndiye manja ndi nkhope zatuluka zopakika. Kamera inayeza kuwala molondola. Chimene sinadziwe n'chakuti inuyo mukufuna kuimitsa ovinawo.

Sinthani kagudumu kafike pa S, muike 1/250, ISO muisiye pa Auto. Kuchoka pa 1/60 kufika pa 1/125 kuwala kwachepa ndi theka, ndipo kufika pa 1/250 kwachepanso ndi theka. Bowo silingakulenso, choncho kamera iwirikiza ISO kawiri: 800 ikhala 1600, kenako 3200. Timadontho tioneka pang'ono, koma nkhope zidzamveka. Chithunzi cha timadontho banja limachilandira, koma chopakika palibe angachikonze.

Mwambo ukatha, anthu amatulukira padzuwa la masana. Apa ndi pamene woyamba amene anali pa M amavutikira. Akaiwala kuti wasiya ISO 3200 ndi 1/250, zithunzi zonse zimangoyera mbee, diresi la mkwatibwi osaonekanso mizere yake. Padzuwa lowala chonchi pamafunika ISO 100, f/8 ndi 1/400 kapena pafupi ndi apo. Kusintha zitatu zonsezi akwati akutsika masitepe kumafuna zala zozolowera. Pa S kapena A, ISO ili pa Auto, kamera imasintha yokha m'kanthawi kochepa.

Komabe kamera nayo imanamizika. Poyeza kuwala, imayesa kuti chilichonse chikhale chapakatikati, chosayera kwambiri komanso chosada kwambiri. Diresi loyera likadzaza chithunzi, kamera imachepetsa kuwala, diresi n'kutuwa, nkhope ya mkwatibwi n'kuda. Zimachitikanso munthu akaima kutsogolo kwa zenera. Mankhwala ake ndi batani kapena kagudumu ka +/-: kwezani kufika +1, muone. Ubwino wa kamera zimenezi ndi wakuti poonera pake pamakusonyezani mmene chithunzi chitulukire musanadine. Nkhope ikaoneka yakuda pamenepo, idzatulukanso yakuda.

Nanga M ndi ya liti? Ndi ya pamene kuwala kwakhazikika koma zojambulidwa zikusinthasintha. Pojambula magulu pansi pa mtengo, gulu lina limavala zoyera, lina masuti akuda. Kamera ikamadzisankhira, chithunzi chilichonse chimawala mosiyana ngakhale mthunzi ndi womwewo. Ikani M, musankhe f/8 kuti mizere yakutsogolo ndi yakumbuyo imveke, shata 1/125, kenako chotsani ISO pa Auto n'kuikweza mpaka nkhope zioneke bwino. Zikatero musakhudzenso mpaka mtambo utaphimba dzuwa kapena mutasuntha malo.

Choncho musayambe ndi zitatu zonse nthawi imodzi. Yambani ndi S pojambula ana akuthamanga pabwalo, muziyesa 1/60, 1/250 ndi 1/1000. Kenako pitani pa A, mujambule munthu mmodzi pa f/4, pa f/8 ndi pa f/16, muziyang'ana kumbuyo kwake. Nthawi zonse werengani manambala amene kamera yasankha pansi pa chithunzi. Mukafika poti mukutha kulosera manambalawo musanawaone, mwakonzeka kupita pa M, ndipo mudzaigwiritsa ntchito mukudziwa chifukwa chake.