Pulogalamu Izipempha Chilolezo Nthawi Yake Ikakwana

Mapulogalamu ena a pa foni, mukangowatsegula koyamba, amapempha zinthu motsatizana: kamera, maikolofoni, manambala a anzanu, malo amene muli. Mlendo amene wangofika pakhomo n'kupempha makiyi a kuchipinda asananene chimene wadzera, ndani angamupatse? N'chifukwa chake anthu ambiri amangokana.

Kale pa mafoni a Android munthu ankavomera zilolezo zonse pamodzi poika pulogalamu. Kuyambira pa Android 6.0, ya mu 2015, zilolezo zokhudza zinsinsi za munthu zimapemphedwa pulogalamu ili mkati mogwira ntchito, ndipo mwini foni angathe kukana kapena kuzilanda tsiku lina.

Titenge pulogalamu yotumizirana mauthenga. Polemba uthenga maikolofoni safunika, choncho palibe chopemphera. Nthawi yabwino ndi pamene mwadina batani lojambula mawu, chifukwa apo mukudziwa nokha chimene maikolofoni akufunikira. Pulogalamu imayamba yafunsa foni, kudzera mu checkSelfPermission, ngati chilolezo cha RECORD_AUDIO chilipo. Iyenera kutero nthawi iliyonse, poti chilolezo cha dzulo mwina lero kulibe: kuyambira pa Android 11, ya mu 2020, munthu angathe kuvomera kwa kanthawi kameneko kokha, ndiponso foni imalanda yokha zilolezo za pulogalamu imene yakhala miyezi ingapo osaigwiritsa ntchito.

Nanga mukakana? Kujambula mawu kokha ndiko kuyenera kuima. Kulemba ndi kuwerenga mauthenga kupitirire monga kale. Mukadzadinanso batani lija, shouldShowRequestPermissionRationale imauza pulogalamu kuti munakanapo, ndiye iyambe yalongosola mwachidule kuti popanda maikolofoni mawu anu sangajambulike. Pakhalenso batani loti musiye ngati simukufuna.

Wopanga pulogalamu asamale apa, chifukwa mwayi ndi wochepa. Pa Android 11 ndi yatsopano kuposa iyi, munthu akakana kawiri, foni imaleka kuonetsa pempholo. Pa iPhone pempho la maikolofoni limaoneka kamodzi kokha. Wopanga akapanda kukonzekera zimenezi, chizindikiro chake n'chakuti mumadina batani koma osachitika kanthu, n'kuganiza kuti foni yawonongeka. Chofunika apa ndi uthenga wonena kuti maikolofoni ndi otseka, ndi kuti mungawatsegule ku Settings mukafuna. Uthengawo uzibwera pokhapokha mwayesa kujambula mawu, osati nthawi iliyonse mukatsegula pulogalamu.

Inu opanga mapulogalamu, musanatulutse ntchito yanu, iyeseni mutakana chilolezo chilichonse kawiri, muone ngati ikugwirabe ntchito zina zonse. Ndipo inu eni mafoni, pulogalamu ikapempha chinthu chosagwirizana ndi chimene mukuchita panthawiyo, kanani. Mukadzachifuna, mungathe kuvomera pambuyo pake.