Mtengo wolembedwa pa shelefu si lonjezo

Tiyerekeze kuti mwalowa m'sitolo ndipo mwaona nsapato zabwino zitamatidwa kapepala kolembedwa K4,500. Mwazinyamula msangamsanga, koma mutafika pakauntala wolandira ndalama akukuuzani kuti amene analemba anasiya ziro mmodzi, mtengo wake weniweni ndi K45,000. Ambiri aife tingaumirire kuti sitolo igulitse pa mtengo umene inalemba yokha. Wophunzira malamulo a kontirakiti chaka choyamba amadabwa akamva kuti khothi silingaikakamize sitoloyo, chifukwa pa nthawi imeneyo mgwirizano unali usanabadwe.

Kuti kontirakiti ikhalepo, munthu mmodzi amapereka ofa ndipo wina amaivomera. Ofa ndi mawu kapena zochita zosonyeza kuti munthu wakonzeka kumangidwa pa mfundo zimene watchulazo mnzakeyo akangoti eya, popanda kukambirananso. Kuitanira malonda ndi chinthu china. Woitanira malonda akungouza anthu kuti ali ndi katundu, ndipo akufuna kuti iwowo abwere ndi ofa yawo, iye aone ngati aivomere kapena ayi. Choncho funso lofunika pa mlandu uliwonse wotere ndi lakuti: mawu otsiriza ali ndi ndani? Wopereka ofa wapereka mawu otsiriza kwa mnzake, pamene woitanira malonda wawasunga.

Milandu imene inakhazikitsa mfundozi inaweruzidwa ku Mangalande, koma ophunzira a ku Malawi ndi ku Zambia amaiwerengabe chifukwa malamulo a kontirakiti a maiko awiriwa anachokera komweko.

Mlandu woyambira ndi wa kampani yogulitsa mankhwala ya Boots, umene unagamulidwa ndi khothi la apilo mu 1953. Masiku amenewo masitolo odzitengera wekha katundu anali achilendo. Kale wogula ankaima pakauntala n'kutchula chimene akufuna, koma a Boots anakonza sitolo yawo ya ku Edgware kuti munthu azitenga basiketi, kusankha mankhwala pa mashelefu, kenako n'kukalipira potulukira. Vuto linali lakuti lamulo la mu 1933 linkati mankhwala ena okhala ndi poizoni azigulitsidwa katswiri wa mankhwala wovomerezeka akuyang'anira. Katswiriyo analipo, koma ankakhala pafupi ndi polipirira, osati pa mashelefu.

Bungwe loyang'anira akatswiri a mankhwala ku Britain linatengera kampaniyo kukhothi. Mfundo yake inali yakuti kuika katundu pa shelefu ndi mtengo wake ndi ofa, ndipo wogula amaivomera akaika katunduyo m'basiketi. Zikanakhala choncho, malonda akanakhala akuchitikira pa shelefu pomwepo, katswiri asakuona, ndipo kampaniyo ikanapezeka ikuphwanya lamulo. Khothi linakana. Linati katundu wa pa shelefu akungoitanira malonda. Wogula ndiye amapereka ofa akafika naye pakauntala, ndipo sitolo imavomera pamene wolandira ndalama walandira malipiro. Popeza katswiri uja anali pamalopo ndipo anali ndi mphamvu yoletsa munthu kutuluka ndi mankhwala, lamulo silinaphwanyidwe.

Chifukwa chimene majaji anapereka n'chosavuta kuchimva. Kuika chinthu m'basiketi kukanakhala kuvomera, ndiye kuti wogula amene watenga botolo limodzi, n'kuona lina lomukomera kutsogolo, sakanaloledwa kubweza loyambalo, chifukwa walimangira kale kontirakiti. Mwini sitolo nayenso akanasowa mpata wokana kugulitsa mowa kwa mwana, kapena wokonza mtengo wolembedwa molakwika. Mfundoyi imateteza mbali zonse ziwiri mpaka pakauntala.

Katundu woonetsedwa pawindo la sitolo amayenda m'njira yomweyo. Pa mlandu wa Fisher ndi Bell, mwini sitolo wa ku Bristol anaika pawindo mpeni wotuluka wokha ukadina batani, ndi kapepala ka mtengo wa mashilingi 4. Lamulo la mu 1959 linkaletsa kupereka ofa yogulitsa mipeni yotere. Khothi linapeza kuti mwini sitoloyo sanalakwe, popeza kuonetsa chinthu pawindo, ngakhale ndi mtengo wake, si ofa. Nyumba ya malamulo inachita kusintha lamulolo mu 1961 kuti kuonetsa kokhako kukhalenso mlandu.

Apa pali chenjezo limene ophunzira ambiri amaliiwala. Kunena kuti sitolo siingakakamizidwe kugulitsa nsapato zija pa K4,500 sikutanthauza kuti ili ndi ufulu wonamiza anthu. Malamulo oteteza ogula amaletsa mitengo yosocheretsa, ndipo sitolo yochita zimenezi ikhoza kulangidwa. Koma imeneyo ndi nkhani ina, yosiyana ndi funso lakuti kontirakiti inalipo kapena ayi.

Ku okushoni zinthu zimaoneka ngati zatembenuka. Woyendetsa okushoni akanyamula katundu n'kufunsa kuti ndani ayambe ndi mtengo wakuti, munthu angaganize kuti akupereka ofa ndipo amene watchula mtengo wokwera ndiye wavomera. Sizili choncho. Kufunsako ndi kuitanira malonda. Mtengo uliwonse umene munthu watchula ndiwo ofa, ndipo wina akatchula wokwera, ofa yoyamba ija imatha. Kuvomera kumachitika woyendetsa akamenya hamala, kapena akasonyeza m'njira ina yodziwika kuti watseka.

Zotsatira zake zinaoneka kale mu 1789 pa mlandu wa Payne ndi Cave. Bambo Cave anatchula mapaundi 40, mtengo woposa onse, koma anasintha maganizo n'kubweza mawu awo hamala isanagunde. Khothi linati sanamangidwe, chifukwa ofa ikhoza kubwezedwa nthawi iliyonse isanavomerezedwe. Pambuyo pake mfundoyi inalembedwa m'lamulo la ku Britain la kugulitsa katundu la mu 1893. Ufulu umenewu uli mbali zonse: monga wogula angabweze mtengo wake, woyendetsanso angachotse katunduyo pa malonda hamala isanagunde.

Nachonso chilengezo chakuti kudzakhala okushoni si ofa. Pa mlandu wogamulidwa mu 1873, bambo Harris anakwera sitima kuchoka ku London kupita ku Bury St Edmunds atawerenga kuti kukagulitsidwa mipando ya mu ofesi. Atafika anapeza mipandoyo yachotsedwa pa malonda. Anasumira bambo Nickerson, woyendetsa okushoniyo, kuti awabwezere zimene anataya pa ulendowo, koma analephera. Majaji anaona kuti zikanatero, aliyense wolengeza malonda akanamalipira ulendo wa munthu aliyense amene wabwera.

Pamene mutu umazungulira ndi pa okushoni yolengezedwa kuti ilibe mtengo wa malire. Nthawi zambiri mwini katundu amauza woyendetsa mtengo wotsikitsitsa umene angalole, ndipo anthu akalephera kuufika katunduyo sagulitsidwa. Koma woyendetsa akalengeza kuti palibe malire otero, akuuza anthu kuti amene atchule mtengo woposa anzake atenga katunduyo, kaya mtengowo ukhale wochepa bwanji.

Mlandu wa Barry ndi Davies wa mu 2000 unafika pachimake pa nkhaniyi. Pa okushoni panabwera makina awiri atsopano oyezera mainjini a galimoto, amene mtengo wake unali pafupifupi mapaundi 14,000 amodzi. Zinanenedwa kuti agulitsidwa popanda mtengo wa malire. Woyendetsa anayesa kuyambira pa mapaundi 5,000, palibe anayankha. Anatsika kufika pa 3,000, kunali zii. Bambo Barry, amene ntchito yawo inali yokonza mainjini, anatchula mapaundi 200 pa makina alionse. Woyendetsa anaona kuti ndi mtengo wachipongwe, ndipo anachotsa makinawo pa malonda osamenya hamala.

Titsatire mlanduwu pang'onopang'ono. Kodi panali kontirakiti yogulitsa makinawo pakati pa bambo Barry ndi eni ake? Ayi. Mapaundi 200 aja anali ofa, ndipo hamala sinagunde, choncho palibe anavomera. Mpaka apa mfundo ya mu 1789 ikugwirabe ntchito. Koma khothi la apilo linapeza kontirakiti yachiwiri, yapambali, pakati pa bambo Barry ndi woyendetsa okushoni mwiniwake. Mawu akuti palibe mtengo wa malire anali ofa yochokera kwa woyendetsayo, yolonjeza kugulitsa kwa amene atchule mtengo woposa onse. Bambo Barry anaivomera potchula mtengo umenewo. Ndipo sanalandire lonjezolo kwaulere: potchula mtengo anadziika pa chiopsezo choti amangidwa hamala ikagunda, ndipo woyendetsa amapindula chifukwa mtengo uliwonse wotchulidwa umathandiza kukweza malonda. Pochotsa makinawo, woyendetsa anaphwanya kontirakiti yapambaliyo.

Chipukutamisozi chinawerengedwa mosavuta. Makina awiri pa mapaundi 14,000 amodzi ndi 28,000. Kuchotsapo 400 amene bambo Barry akanalipira, kunatsala 27,600, ndipo zimenezo ndi zimene anapatsidwa. Makinawo sanawatenge, chifukwa sanagulitsidwe kwa iwo, ndipo amene analipira anali woyendetsa okushoni, osati eni katundu. Wophunzira amene alemba pa mayeso kuti mawu akuti palibe malire amasandutsa okushoni yonse kukhala ofa yogulitsa katundu wasokoneza makontirakiti awiriwa.

Mlanduwu ukuonetsanso kuti mfundo za shelefu, windo ndi okushoni ndi poyambira chabe. Khothi limayang'ana mawu amene ananenedwa ndi mmene munthu wanzeru zake akanawamvera. N'chifukwa chake pa mlandu wotchuka wa mayi Carlill, chilengezo cha m'nyuzipepala chinapezeka kuti ndi ofa, ngakhale zilengezo zambiri zimangoitanira malonda. Kampaniyo inalonjeza mapaundi 100 kwa aliyense wodwala chimfine chachikulu atagwiritsa ntchito mankhwala ake motsatira malangizo, ndipo inanenanso kuti yasungitsa mapaundi 1,000 kubanki posonyeza kuti sikuseka. Panalibenso chotsalira choti akambirane.

Tsono mukapatsidwa funso, musathamangire kutchula dzina la mlandu. Yalani zochitikazo motsatana, kuyambira pa chilengezo kapena kapepala ka mtengo mpaka pomaliza. Pa sitepe iliyonse dzifunseni kuti, munthu wina akanati eya pamenepa, kodi wolankhulayo akanamangidwa nthawi yomweyo, kapena anali ndi mpata wokana? Onaninso ngati mtengo, kuchuluka kwa katundu ndi munthu woyenera kuvomera zinali zodziwika. Mukapeza pamene mpata wokana unathera, mwapeza ofa, ndipo kuvomera kuli patsogolo pake. Mukalakwitsa malo amenewa, yankho lonse limapotoka: mudzapeza kontirakiti pamene panalibe, kapena mudzauza munthu ngati bambo Barry kuti alibe mlandu pamene khothi likanam'patsa mapaundi 27,600.