Uthenga wamalonda ukangodinidwa kawiri kokha

Aliyense amene analipirapo ndalama kuti atsatse malonda pa Facebook kapena pa Google amaidziwa nkhawa ya tsiku loyamba. Uthenga ukangoyamba kuyenda, mwini wake sachedwa kutsegula foni kuti aone manambala atatu: Impressions, kusonyeza kuti uthengawo waonekera kangati, Clicks, kusonyeza kuti wadinidwa kangati, ndi CTR, yomwe imapezeka pogawa nambala yachiwiriyo ndi yoyambayo. Ndalama zambiri zimatayika tsiku limeneli, chifukwa manambala a maola oyamba amaoneka ngati akunena zambiri pamene sananene kanthu.

Tiyerekeze mayi wina wogulitsa nyale za sola amene ali ndi mauthenga atatu. Wakale waonekera ka 20,000 ndipo wadinidwa ka 600, kutanthauza 3 peresenti. Watsopano woyamba waonekera ka 20 n'kudinidwa kawiri, ndipo foni ikulemba 10 peresenti. Watsopano wachiwiri waonekera ka 60 koma palibe waudina, ndiye pali ziro. Mtima umamuuza kuti achotse ndalama ku wakale uja, azithire pa wa 10 peresenti, wa zirowo authimitse. Zonsezi n'kuthamanga magazi.

Pa anthu 20, munthu mmodzi yekha amasuntha nambala ndi 5 peresenti yathunthu. Mmodzi mwa awiri aja akanakhala kuti chala chinangotsetsereka, uthengawo ukanakhala pa 5 peresenti. Masamu amasonyezanso kuti uthenga wamba, umene mphamvu yake yeniyeni ndi 2 peresenti, umatha kudinidwa kawiri kapena kuposa pa anthu 20 oyamba, ndipo izi zimachitika pafupifupi ka 6 pa maulendo 100 alionse. Wotsatsa amene amatulutsa mauthenga ambiri adzakumana nazo ndithu, ndipo adzaganiza kuti watola golide. Akatswiri awiri a kaganizidwe ka anthu, Amos Tversky ndi Daniel Kahneman, analemba mu 1971 kuti ngakhale anthu ophunzira kafukufuku amakhulupirira mopyola muyezo zotsatira zochokera pa zitsanzo zochepa. Wogula mtedza pamsika amadziwa kuti dzanja limodzi lotapa pamwamba pa thumba silimuuza zimene zili pansi, koma munthu yemweyo akaona peresenti pafoni amaiwala.

Ziro uja nayenso sayenera kuopsa. Uthenga wa 2 peresenti ukaonekera ka 60, mwayi woti pasapezeke woudina ndi pafupifupi 30 pa 100. Akatswiri owerengera ali ndi lamulo lachidule la pamenepa: chinthu chikapanda kuchitika ngakhale kamodzi, amagawa 3 ndi chiwerengero cha maulendo amene ayesa, ndipo yankholo ndi malire apamwamba amene chinthucho chingafikebe. Kugawa 3 ndi 60 kumapereka 5 peresenti. Choncho uthenga umene mayiyu akufuna kuuthimitsa ukhoza kukhala woposa wakale uja. Ukanaonekera ka 600 popanda woudina, malirewo akanatsika kufika pa theka la peresenti, ndipo pamenepo kuuthimitsa kukanakhala koyenera.

Ndiye atani, popeza ndalama zikupita ndipo ayenera kusankha? Njira imene odziwa ntchitoyi amadalira ndi yobwereka nzeru ku mauthenga akale. Uthenga watsopano suyamba opanda mbiri. Umabadwira m'sitolo imene mauthenga ake akale amadziwika kuti amadinidwa motani. Tinene kuti mauthenga onse a mayiyu akaphatikizidwa amakhala pa 2 peresenti. Iye amapatsa uthenga uliwonse poyambira pofanana, ngati kuti waonekera kale ka 500 n'kudinidwa ka 10, kenaka n'kuwonjezerapo manambala enieni. Mu Excel kapena Google Sheets, ngati A2 ndi Impressions ndipo B2 ndi Clicks, amalemba motere:

```
=(B2+10)/(A2+500)
```

Zotsatira zake zimasintha chithunzi chonse. Wa 10 peresenti uja umakhala 12 kugawa ndi 520, yomwe ndi 2.3 peresenti. Wa ziro umakhala 10 kugawa ndi 560, yomwe ndi 1.8 peresenti. Wakale umakhala 610 kugawa ndi 20,500, ndipo sukusuntha kwenikweni, uli pafupi ndi 3 peresenti pomwe unali. Tsopano wakale ndiye ali patsogolo, atsopano awiriwo ayandikana, ndipo palibe chifukwa chothimitsira uliwonse.

Ubwino wa njirayi ndi wakuti manambala obwerekawo amachepa mphamvu okha. Patatha masiku angapo, uthenga woyamba uja ukaonekera ka 2,000 n'kudinidwa ka 70, chiwerengero chimakhala 80 kugawa ndi 2,500, yomwe ndi 3.2 peresenti. Apa umboni wake wayamba kulemera kuposa mbiri ya anzake, ndipo wayamba kupikisana ndi wakale uja moona.

Maganizo amenewa si atsopano. Pierre-Simon Laplace wa ku France anali atalemba kale m'zaka za m'ma 1700 za kuwonjezera 1 pa zimene zachitika ndi 2 pa maulendo oyesa. Koma chitsanzo chimene chimaphunzitsa bwino n'cha Bradley Efron ndi Carl Morris a ku America. Iwo anatenga osewera 18 a besibo, n'kuona mmene aliyense anamenyera mpira pa mipata 45 yoyamba ya chaka cha 1970. Atakokera nambala ya wosewera aliyense kufupi ndi avereji ya gulu lonse, analosera zotsatira za masewera otsala bwino kwambiri kuposa kungodalira manambala oyambawo. Komabe m'gulumo munali Roberto Clemente, katswiri weniweni. Iye anamenya bwino ka 18 pa mipata 45, kutanthauza 40 peresenti. Njirayo inamutsitsa kufika cha pa 29, koma pa masewera otsalawo anamenya pafupifupi 35 peresenti. Kwa gulu lonse njirayo inathandiza, koma kwa iye inatsitsa mopitirira.

Wotsatsa ayenera kuikumbukira nkhani ya Clemente posankha kukula kwa nambala yobwereka. Ngati mauthenga ake akale amafanana, onse ali pakati pa 1.5 ndi 2.5 peresenti, 500 kapena kuposa ndi yabwino. Ngati amasiyana kwambiri, ena pa 1 ena pa 6, nambalayo ichepe, mwina 100 ndi 2, kuti uthenga wabwino usachedwe kuonekera. Chinanso, mbiri yobwerekayo ichokere ku mauthenga a mtundu womwewo. Munthu amene walemba yekha pa Google kuti akufuna nyale ya sola amadina msanga kusiyana ndi amene uthenga wangomudutsa akuona zithunzi za ukwati pa Facebook, ndipo kusakaniza awiriwa kumasokoneza chiwerengero.

Funso lakuti kudikira kuthe liti lili ndi yankho lomveka. Chofunika kuwerenga ndi odina, osati oona. Uthenga ukadinidwa ka 25, nambala yake ikhoza kuphonya ndi magawo 40 pa 100 a kukula kwake, m'mwamba kapena pansi. Ukadinidwa ka 100, kuphonyako kumatsika kufika pa magawo 20, kotero 3 peresenti imatanthauza penapake pakati pa 2.4 ndi 3.6. Kuti kuphonyako kuchepenso ndi theka pamafunika odina 400. Pa 2 peresenti, odina 100 amafuna kuti uthenga uonekere ka 5,000. N'chifukwa chake wamalonda wa ndalama zochepa amapindula akamayesa mauthenga awiri okha osiyana kwenikweni, kusiyana ndi kumwaza ndalama pa mauthenga khumi amene palibe ndi umodzi womwe udzafike pa 100.

Vuto lachiwiri ndi la nambala imodzi yotalikirana ndi zinzake. Tiyerekeze kuti uthenga watsopano wabweretsa ogula asanu. Awiri agula za K15,000, wina za K18,000, wina za K20,000, ndipo wachisanu, amene akugulira sukulu yonse, walipira K432,000. Zonse pamodzi ndi K500,000, ndipo avereji ikunena kuti wogula aliyense amasiya K100,000. Palibe mwa asanuwo amene analipira ndalama yoyandikira pamenepo. Mayiyu akakhulupirira avereji imeneyi, adzalolera kulipira zambiri pa kudina kulikonse, kudikira masukulu ena amene mwina sabwera.

Kufufuta wogula wamkuluyo si yankho, pakuti ndalama yake ndi yeniyeni. Poyamba amandandalika manambalawo kuyambira yaing'ono n'kutenga ya pakati, yomwe pano ndi K18,000, ndipo imeneyi ndiyo ikufotokoza wogula wa masiku onse. Kenaka amaika denga. Amayang'ana m'buku la malonda akale kuti apeze ndalama imene ogula 5 okha pa 100 amapitirira. Ikakhala K60,000, wogula wa sukulu uja amawerengedwa ngati wa K60,000 poyerekeza mauthenga, ndipo avereji imatsika kufika pa K25,600. Dengalo liyenera kuikidwa zotsatira zisanaoneke, ndipo likhale limodzi kwa mauthenga onse, apo ayi munthu amangodula zimene sizikumusangalatsa. Ogula akuluakuluwo amalembedwa padera. Akabweranso wachiwiri ndi wachitatu kudzera pa uthenga womwewo, ndiye kuti si ngozi, uthengawo ukufika kwa anthu ogula zambiri ndipo ukuyenera ndalama zakezake.

Pali kudina kwina kumene kuyenera kuchotsedwa ndithu, ndipo kumadziwika ndi zizindikiro zake. Kumabwera kochuluka m'mphindi zochepa, nthawi zambiri kuchokera dera limodzi, ndipo odinawo amachoka pa tsamba pasanathe masekondi angapo osafunsa ngakhale mtengo. Nthawi zina ndi abale ndi anzake a mwini sitolo amene atumiziridwa uthengawo kuti auone. Nthawi zina uthenga waikidwa m'kati mwa gemu ya pafoni, pamene zala zimagunda mwangozi. Google imasefa kwina mwa kudina kotereku ndipo imakuonetsa pa mzere wa Invalid clicks, koma singadziwe kuti amene wadina ndi mlamu wa wogulitsa. Pa odina 600, anthu asanu otere sasintha kanthu. Pa odina 8, iwo ndiwo nkhani yonse.

Makina a makampaniwa nawonso amavutika ndi kuchepa kwa manambala, ndipo sabisa. Ads Manager ya Meta imalemba mawu akuti Learning pa gulu la mauthenga latsopano, ndipo kampaniyo imanena kuti pamafunika zotsatira pafupifupi 50 pa sabata kuti kayendedwe kake kakhazikike. Kusintha kwambiri chithunzi, mawu, anthu owafuna kapena ndalama kumabwezera kuphunzirako pachiyambi. Wamalonda amene amakonza uthenga wake madzulo alionse amakhala akutaya umboni wochepa womwewo umene walipira. Chomuthandiza n'kupatula kandalama koyesera, kulemberatu papepala kuti adzaweruza akafika pa odina angati, n'kuusiya uthengawo uyende sabata yathunthu, chifukwa anthu a Lolemba m'mawa sagula ngati a Loweruka madzulo. Ngati sabatayo yagwera kumapeto kwa mwezi, anthu atangolandira malipiro, mauthenga amene akuwayerekeza ayende masiku omwewo onse pamodzi.