Timbale Titatu Toulula Polowera Tizilombo

Ophunzira za tizilombo tosaoneka ndi maso amabzala mabakiteriya m'timbale tokhala ndi zivindikiro, momwe amathiramo chakudya cha aga, chogwirana ngati phala lozizira. Amafuna kuti mumere mtundu umodzi wokha. Koma pakapita masiku awiri, nthawi zambiri amapezamo chuku ndi mabakiteriya ena omwe sanawabzale, ndipo wophunzira ndiye amadzudzulidwa kuti ndi wosasamala.

Katswiri wina wosamalira labotale ya pakoleji analembera kalata mkulu wa dipatimenti yake, kupempha kuti asamafulumire kuloza chala asanadziwe pomwe tizilomboto talowera. Njira yomwe anapereka ndi yoti gulu lililonse la ophunzira liziwonjezera timbale titatu tosabzalamo kanthu.

Kambale koyamba sakatsekula n'komwe. Kachiwiri wophunzira amakatsekula n'kukhwekhwerezamo kawaya kobzalira, atakawotcha mpaka kufiira n'kukasiya kuti kazizire, koma osakagunditsa ku mabakiteriya. Kachitatu amakasiya kosavindikira patebulo kwa mphindi 15. Kenako tonse amatiika chozondotsa m'makina ofunditsira pamodzi ndi timbale tobzalidwa, kuti madzi a pachivindikiro asadonthere pa aga n'kumwaza zomerazo.

Tiyerekeze kuti kambale koyamba kamera timadontho, tina tili m'kati mwenimweni mwa aga. Apa wophunzira alibe mlandu, chifukwa chakudyacho chinali ndi tizilombo kale asanachikhudze. Kokafufuza ndi ku otokilevu, mphika wophera tizilombo ndi nthunzi ya madigiri 121 kwa mphindi 15. Mphindizo zimakwanira mabotolo aang'ono, koma botolo la lita imodzi limachedwa kutentha mpaka pakati, choncho limafuna nthawi yotalikirapo. Tepi yomata pabotolo ikasintha mtundu imangosonyeza kuti kunja kwa botolo kunatentha, siitsimikizira kuti zam'kati zonse zafa.

Kambale koyamba kakakhala koyera, koma kachiwiri n'kumera motsatira mzere womwe kawaya kanadutsa, ndiye kuti kawayako sikanawotchedwe mokwanira. Chuku chikachuluka m'kachitatu, gwero lake ndi mpweya wa m'chipindamo: zenera lotsekula, fani, kapena fumbi losesa phunziro litatsala pang'ono kuyamba. Zikatero kupukuta tebulo ndi sipiriti wa 70 peresenti pakokha sikuthetsa vuto, poti pali mabakiteriya ena omwe amadzitsekera m'timbewu tolimba tosafa ndi sipiriti.

Kalatayo inapemphanso kuti aga azithiridwa m'timbale kutatsala masiku awiri, n'kufunditsidwa usiku umodzi, kuti toipa tichotsedwe tisanafike m'manja mwa ophunzira. Katswiriyo sanabise kuti njirayi imadya aga wambiri ndi nthawi, komanso kuti chuku chochedwa kumera chikhoza kudutsa osaoneka. Komabe zotsatira za timbale titatuti zikamalembedwa m'buku sabata iliyonse, labotale imadziwa chofunika kukonza: mphika, chipinda, kapena kaphunzitsidwe ka kuwotcha kawaya.